Adini abweza maminitsi a zotsatira za mayeso: okhoza ndi 66 kapena 68?

Nasibeko: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Semesita ino ndine ndikulemba maminitsi ku dipatimenti kwathu. Lachiwiri tinakhala pa msonkhano woona zotsatira za mayeso, makosi 14, kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Ndinatsata kalembedwe kamene ndinakapeza mu fayilo: dzina la kosi, lekichara wake, angati akhoza, angati alephera, kenaka chiganizo chimodzi chakuti zotsatira zavomerezedwa ndi zosintha zina. Lero adini abweza maminitsiwo. Pa kosi ina ya chaka chachiwiri, ya ophunzira 83, ine ndinalemba kuti akhoza 66, alephera 15, awiri sanalembe mayeso. Koma pepala la malikisi limene linapita ku fakote likuonetsa okhoza 68. Adini azunguliza manambala awiriwo ndi cholembera chofiira, n'kulemba m'mbali kuti: awiriwa ndani, anawasintha ndani, ndi mphamvu iti? Ahedi athu akuti ndingofufuta 66 ndiike 68, iwo asayina. Msonkhano wa fakote uliko Lolemba. Ndichite zimenezo?

Dokotala Mbewe: Mwana wanga, musadzivute. Ndakhalapo hedi ndipo zoterezi zimachitika semesita iliyonse. Nambala imene munalembayo ndi imene lekichara anawerenga poyamba, msonkhano usanakonze. Yoona ndi ya pa pepala lomaliza. Maminitsi amene sanawerengedwe ndi kuvomerezedwa pa msonkhano wotsatira akadali osakhwima, mlembi ali ndi ufulu wowakonza. Ikani 68 basi.

A Gondwe: Adokotala, mwalasa pakuti maminitsiwo akadali osakhwima ndipo angathe kukonzedwa. Koma kuika 68 sikuyankha funso la adini. Iwo sanafunse kuti nambala yoona ndi iti, aiona kale pa pepala. Afunsa kuti anthu awiri awoloka bwanji kuchoka kwa olephera kupita kwa okhoza. Mukangosintha nambala, mwabisa malo okhawo amene akuonetsa kuti panachitika kanthu.

Mayi Nasibeko, musanagwire chilichonse, tengani mapepala awiri: limene lekichara anagawa pa msonkhano Lachiwiri, ndi limene linapita ku fakote. Muwaike pambali ndi pambali, muyende ndi rula mzere ndi mzere, onse 83. Mutiuze mizere imene yasiyana. Mayina ndi manambala a ophunzira musatiuze, ingotchulani mzere. Mutiuzenso kagawidwe ka malikisi pa kosiyo ndi pamene munthu amakhozera kwanuko.

Nasibeko: Zikomo bambo. Kwathu amakhozera pa 50. Ntchito ya m'kati mwa semesita ndi malikisi 40: matesiti awiri a 15 iliyonse ndi asayimenti ya 10. Mayeso omaliza amachongedwa pa 100 kenaka n'kuwatsitsira pa 60. Ndayenda ndi rula monga mwanenera ndipo yasiyana ndi mizere itatu, osati iwiri.

Mzere 62 unali 47, tsopano ndi 53.
Mzere 41 unali 48 wolephera, tsopano palibe nambala, pangolembedwa kuti zosakwanira.
Mzere 17 unali 50 koma pambali pake panalembedwa FAIL, tsopano ndi 50 yomweyo koma PASS.

Ndiye pa pepala latsopano okhoza ndi 68, olephera 12, wa zosakwanira mmodzi, osalemba awiri.

A Gondwe: Eya, 83 yakwana. Mwaona kuti mukanangoika 68, nambala ya olephera ikanatsala 15, ndipo akanakubwezeraninso. Tsopano tsegulani kope limene mumalembamo pa msonkhano paja. Pa mizere itatuyi, ndi iti imene inakambidwa anthu onse akumva, ndipo anagwirizana zotani?

Nasibeko: Mzere 62 unakambidwa bwinobwino. Oyesa ochokera ku yunivesite ina, potenga mapepala ena kuti awaonenso, anapeza kuti funso lachinayi linachongedwa m'kati, wophunzira anapeza 10, koma 10 imeneyo sinasamutsidwire pa chikuto ndipo sinawonkhetsedwe. Pepalalo linabwera pa tebulo, anthu atatu analiona. 10 ya mayeso omaliza ikatsitsidwa imakhala 6, n'chifukwa chake 47 inakhala 53. Onse anavomera.

Mzere 41 ndi mtsikana amene tesiti yachiwiri sanalembe. Ya poyamba anapeza 11, asayimenti 7, mayeso omaliza 50 pa 100. Lekichara wina anati akudziwa kuti sabata imeneyo anagonekedwa m'chipatala ndipo kalata inapita kwa adini oona za ophunzira. Msonkhano unati ahedi akafufuze, zotsatira zake zidikire.

Mzere 17 mu kope mwanga mulibe. Sindikukumbuka kuti unatchulidwa.

Yamikani: Mzere 17 ndikuudziwa matenda ake ngakhale sindinauone. Asisi, tsegulani fayilo ya Excel, mudine pa selo ya 50 imeneyo, muwonjezere madesimo. Mupeza kuti si 50. Mutiuze manambala ake.

Nasibeko: Zoonadi achimwene. Matesiti 8 ndi 8, asayimenti 6, ndiye 22. Mayeso omaliza 46, amene akupereka 27.6. Zonse pamodzi 49.6.

Yamikani: Basi ndi zimenezo. Selo inauzidwa kuti isamaonetse madesimo, ndiye maso akuona 50, koma pansi pake pali 49.6, ndipo fomula yoweruza imawerenga za pansizo, osati zimene maso akuona. Pa pepala loyamba panali iyi:

```
=IF(D17>=50,"PASS","FAIL")
```

Ndikukhulupirira kuti lekichara ataona 50 ndi FAIL pa mzere umodzi anaisintha kukhala iyi:

```
=IF(ROUND(D17,0)>=50,"PASS","FAIL")
```

Za mtsikana wa pa mzere 41 nazo ndi za Excel. Selo yopanda kanthu, mukamawonkhetsa ndi SUM, siwonjezera chilichonse, ndiye zotsatira zake zimangofanana ndi za munthu amene anapeza ziro. 11 ndi 7 ndi 18, kuphatikiza 30 ya mayeso omaliza, 48. Pa pepala losindikiza simungasiyanitse amene analemba n'kulephera ndi amene sanalembe n'komwe, pokhapokha mutasindikiza matesiti onse payekhapayekha. Ine ndisanapite ndi pepala ku msonkhano ndimayamba ndaika iyi pansi:

```
=COUNTBLANK(E2:G84)
```

Ikapereka nambala yoposa ziro, ndiye kuti pali munthu woti ndimufunefune kaye.

Nasibeko: Ndawafunsa alekichara aja. Avomera kuti anasintha fomula Lachitatu m'mawa, msonkhano utatha kale. Akuti sanaone vuto chifukwa malamulo athu a mayeso amanena kuti malikisi omaliza a kosi azikhala nambala yathunthu, kuyambira theka kupita m'mwamba ikwere. Ndatsegula bukhu la malamulo ndipo zilimodi.

Dokotala Mbewe: Ndiye nkhani yatha. Lamulo likuti 49.6 ndi 50. Lekichara sanapatse mwanayo kanthu, wangokonza makina. Lembani kuti msonkhano unavomereza mizere itatu yonseyo.

A Gondwe: Pamenepo ndiye ndikukana, adokotala, ndipo ndikana mwamphamvu. Kuti mwanayo wakhoza, sindikutsutsa. Koma msonkhano sunaone mzere 17. Anthu amene anakhala m'chipinda muja anavomereza pepala limene likuti FAIL. Mukalemba kuti anavomereza PASS, mwawaika mawu m'kamwa, ndipo wosayina pansi ndi Mayi Nasibeko ndi ahedi.

Ndifotokoze chifukwa chake ndikulimbikira. Ndagwira ntchito mu ofesi ya rejisitala mpaka kupuma, ndipo maminitsi a zotsatira sindinaonepo akuwerengedwa pa tsiku labwino. Amatulutsidwa m'kabati pamene wophunzira wachita apilo, pamene wina akuganiziridwa kuti anagula malikisi, kapena pamene kalata ya loya yafika. Wofufuza amachita zimene mayiwa achita lero ndi rula, kenaka amafunsa mamembala mmodzimmodzi. Akangopezeka mmodzi wonena kuti ine za mzere 17 sindinazimve, maminitsi onse aja sakhulupirikanso, kuphatikizapo za mzere 62 zimene zinayenda bwino. Ndipo lekichara amene anangokonza fomula mwachilungamo amasanduka munthu amene anasintha malikisi mseri. Kulemba zoona kukuteteza iyeyo poyamba.

Njira yake ndi yapafupi. Maminitsi a Lachiwiri anene zimene zinachitika Lachiwiri. Pa kosi imeneyo mulembe zinthu izi, muzitembenuza nokha m'Chingerezi cha ku ofesi:

Msonkhano unalandira zotsatira za ophunzira 83 monga zili pa pepala lophatikizidwa, limene linaonetsa okhoza 66, olephera 15, osalemba 2. Unagwirizana kuti malikisi a wophunzira nambala yakuti akwere kuchoka pa 47 kufika pa 53 chifukwa funso lachinayi silinawonkhetsedwe, monga anapezera oyesa ochokera kunja, ndipo pepala la mayesolo linaonedwa pa msonkhano. Unagwirizana kuti zotsatira za wophunzira nambala yakuti zidikire, ndipo ahedi atsimikize za kalata ya kuchipatala lisanafike tsiku lakuti. Zitatero okhoza ndi 67, olephera 13, wodikira 1, osalemba 2.

Mwaona, nambala ya Lachiwiri si 66 komanso si 68. Ndi 67.

Mzere 17 ukhale pa pepala lakelake. Ahedi alembe kalata yaifupi, ya tsiku lenileni limene ailemba, yonena kuti msonkhano utatha kunapezeka kuti fomula sinkatsata ndime yakuti ya malamulo a mayeso, kuti kosi yonse yaonedwanso, ndipo wakhudzidwa ndi wophunzira mmodzi, 49.6 kukhala 50. Ngati malamulo anu amalola wapampando kuchita zinthu m'malo mwa msonkhano, asayine, adzanene pa msonkhano wotsatira. Ngati salola, itanani anthu Lachisanu kwa mphindi 15, bola chiwerengero chofunika chikwane. Kalatayo ipite kwa adini pamodzi ndi maminitsi.

Yamikani: Ndiwonjezere pa mawu akuti kosi yonse yaonedwanso. Muonenso makosi ena 13 aja. Ngati alekichara anu amabwerekana fayilo imodzimodzi, monga timachitira tonse, fomula yomweyo ili paliponse. Ndipo musayang'ane pa 50 pokha. Amene ali pa malire a giredi ina ndi ina naye akhudzidwa, kungoti sadandaula chifukwa wakhoza.

Make Tadala: Pepani ndalowerera, ine si mphunzitsi, ndine kholo. Mwana wanga anabwera ndi sapu chaka chatha, anapeza 48 pa kosi ina. Ndiye mukutanthauza kuti pali msonkhano umene umakhala n'kumawonjezera ana malikisi? Wanga bwanji sanamuwonjezere? Ndipo maminitsi amenewo ine ngati wolipira fizi ndingapite kukawaona?

A Gondwe: Mayi, funso lanu ndi loyenera. Msonkhanowu suwonjezera malikisi. Pa ana atatu amene tikukamba pano, palibe amene wapatsidwa chimene sanagwirire ntchito. Wina anaiwalidwa funso powonkhetsa, wina anadwala, wina makina anamuwerengera molakwika. 48 ya mwana wanu, ngati inawonkhetsedwa bwino, ndi 48, n'chifukwa chake kuli sapu. Ngati iye ankakhulupirira kuti panalakwika, njira inali yopempha kuti pepala lake lionedwenso, ndipo kawirikawiri pamakhala masiku owerengeka ochitira zimenezo zotsatira zikangotuluka. Wopempha ndi mwanayo, osati inu, chifukwa ku yunivesite amamuona ngati munthu wamkulu.

Za maminitsi, fayilo yonse sangakupatseni, muli malikisi ndi matenda a ana a eni. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma lomwelo limatetezanso za chinsinsi za anthu ena. Mwana wanu angathe kufunsa zokhudza iye yekha.

Make Tadala: Ndamva bambo. Sapuyo analemba n'kukhoza, koma mtima unali usanakhazikike.

Chikondi: Ine nkhani ya mzere 41 yandikhudza chifukwa ndinadutsamo. Chaka chachitatu bambo anga anamwalira sabata ya matesiti. Ndinasiya kalata ku ofesi, ndinapita kumudzi. Nditabwera alekichara anandiuza kuti usadandaule, takambirana pa msonkhano, udzalemba. Zotsatira zitatuluka ndinapezeka ndalephera, tesiti ija ili ziro. Ndinayenda maofesi, aliyense akuvomera kuti nkhani yanga inakambidwadi, koma atatsegula maminitsi munalibe dzina langa, munalibe nambala yanga, munangolembedwa kuti nkhani zapadera zinakambidwa. Ahedi anali atasintha, alekichara aja atapita kukaphunzira kunja. Ndinalemba sapu, ndipo kumene ndinaphunzirako sapu ngakhale ukhoze bwanji amakulembera malikisi okhozera okha. Pa thiransikiriputi panga mpaka lero pali chipsera chimenecho. Asisi Nasibeko, mtsikana ameneyo musamusiye pa mawu akuti ahedi afufuza. Akufunika malikisi awiri okha pa 15 kuti akhoze. Mulembe tsiku, mulembenso amene adzamupatse tesitiyo.

Nasibeko: Pepani kwambiri achimwene. Ndamva, ndipo ndapita kale ku ofesi ya adini oona za ophunzira. Kalata ya kuchipatala ilipo, ili ndi chidindo cha tsiku limene anailandira, sabata yomweyo ya tesiti. Sinatumizidwe ku dipatimenti basi. Koma bambo Gondwe, m'maminitsi ndilembe kuti anadwala chiyani? M'kalatamo zalembedwa.

A Gondwe: Ayi, musalembe. Lembani kuti pali chifukwa cha umoyo chimene chili ndi umboni ku ofesi yakuti, kalata ya tsiku lakuti. Maminitsi amadutsa m'manja ambiri, kwa otayipa, kwa mesenjala, kwa mamembala onse a fakote. Matenda a mwana wa mwini asayende nawo. Ndipo tsiku lomupatsa tesiti, monga wanenera Chikondi, ngati msonkhano sunalitchule musalipeke. Lilowe m'kalata ya ahedi ija, kapena mu msonkhano wa Lachisanu.

Pali chinanso chimene ndachiona m'uthenga wanu woyamba. Mwalemba kuti zotsatira zavomerezedwa. Taonani m'malamulo anu ngati dipatimenti ili ndi mphamvu imeneyo. M'mayunivesite amene ndikuwadziwa, mwini zotsatira ndi seneti. Dipatimenti imaona n'kupereka ku fakote, kapena sukulu monga ena akutchulira masiku ano, fakote n'kupereka mtsogolo mpaka ku seneti. Ndiye mawu oyenera ndi akuti msonkhano unagwirizana zopereka zotsatirazi ku fakote kuti zivomerezedwe. Si nkhani ya kukongoletsa chilankhulo. Lekichara akamva kuti zavomerezedwa amakauza wophunzira pa khonde kuti wakhoza, fakote n'kudzabweza, wophunzira n'kumati munandiuza kale.

Muonenso kalembedwe kamene munakapeza mu fayiloko kuti n'ka liti. Mpaka 2021 Polytechnic, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anali makoleji a University of Malawi pansi pa seneti imodzi ndi Chancellor College. Chichokereni makoleji atatuwa n'kukhala MUBAS ndi KUHeS, aliyense ali ndi seneti yake ndi malamulo ake, monganso LUANAR imene inachoka kale. Mapepala akale amayenda ndi anthu akamasintha ntchito, ndipo mutha kupeza mukutumiza zotsatira ku komiti imene kwanuko kulibe.

Dokotala Mbewe: Pa za seneti ndavomera. Pa 67 ndavomeranso, ngakhale ndikuona kuti mukuchulutsa mapepala. A Gondwe, inu munali ku ofesi, ife tinali m'kalasi. Makosi 14, ena a ana 300, mlembi mmodzi amene alinso ndi makalasi ake. Mukati alembe mzere uliwonse, maminitsi adzatuluka semesita itatha.

A Gondwe: Sindikuti mzere uliwonse. Ana 80 amene sanakhudzidwe ali pa pepala la malikisi, pepalalo lisayinidwe tsamba lililonse ndi lekichara ndi hedi, liikidwe tsiku, liphatikizidwe ku maminitsi. Olembedwa m'kati ndi okhawo amene nambala kapena chigamulo chawo chasintha: zinali bwanji, zakhala bwanji, chifukwa, umboni. Ku banki m'khonde amayi salemba zonse zimene zayankhulidwa, koma ndalama ikatuluka m'bokosi imalembedwa pomwepo onse akuona. Makambirano a maola asanu atha kukwana masamba anayi.

Nasibeko: Pali wina amene sindinamutchule chifukwa mzere wake sunasinthe. Mzere 70, ali ndi 25 ya m'kati mwa semesita, mayeso omaliza 40, ndiye 24, zonse 49 yeniyeni yopanda desimo. Apa ndi pamene panatenga nthawi. Alekichara ake anapempha kuti akwezedwe chifukwa ndi mwana wolimbikira ndipo ali kale ndi makosi ena awiri amene walephera, iyi ikakhala yachitatu zimuvuta. Ena anakana. Pomaliza ahedi anati isiyeni choncho. Mmodzi anati mlembi alembe kuti ine sindinagwirizane nazo. Ndilembe?

Dokotala Mbewe: Apa ndiye pondipweteka ine. Palibe lekichara amene angalumbire kuti kuchonga kwake n'kolondola mpaka pa malikisi amodzi. Funso la nkhani yaitali, lero upereka 12, mawa utapuma bwino upereka 13. Ndiye mwana awidedwe chifukwa cha imodzi? Ine ndili hedi ndinkalamula kuti aliyense amene ali pa 48 ndi 49 pepala lake liwerengedwenso ndi munthu wachiwiri tisanalowe mu msonkhano. Likakwera likwere, likatsala litsale, koma pa tebulo pasafike 49 imene sinaonedwe kawiri.

A Gondwe: Zimenezo ndikugwirizana nazo, chifukwa mwati aliyense, ndipo mwati msonkhano usanayambe. Chimene ndimakana ndi kukweza mmodzi chifukwa ali ndi womuyankhulira m'chipindamo. Pa olephera 12 aja mwina pali wina wa 49 amene palibe akumudziwa nkhope. Komanso dipatimenti imaona makosi ake okha. Zoti mwana ali ndi makosi angati olephera, ndipo apite ku sapu, abwereze kapena achotsedwe, zimaoneka bwino ku fakote kumene zotsatira zake zonse zimakumana. Ngati malamulo anu ali ndi ndime yokhululukira wolephera pang'ono, igwira ntchito kumeneko, ndipo idzalembedwa ndi nambala ya ndimeyo.

Mayi Nasibeko, lembani kuti pempho lokweza malikisi a wophunzira nambala yakuti linakambidwa ndipo msonkhano unasiya 49. Amene anapempha kuti kukana kwake kulembedwe, mulembeni ndi dzina, anapempha yekha. Enawo musawatchule kuti uyu anati chakuti.

Nachisale: Moni nonse kuchokera kuno ku Mangalande. Kumene ndikuphunzitsa, pa msonkhano wotere sitiona mayina n'komwe, timaona manambala okha, ndipo za matenda ndi maliro zimaonedwa ndi komiti ina msonkhano usanachitike, ife timangouzidwa kuti pempho la nambala yakuti linaloledwa. Nkhani ya mwana wolimbikira siingabuke chifukwa sudziwa kuti ndi ndani. Koma pa dzina la wokana ndikusiyana nanu bambo Gondwe. Dipatimenti ndi yaing'ono, anthu ake ndi omwewo zaka ndi zaka. Mukayamba kulemba mayina, wamng'ono sadzatsutsanso pulofesa. Ine ndikanalemba kuti membala mmodzi sanagwirizane nazo, basi.

A Gondwe: Akanakhala kuti sanapemphe, ndikanatero. Koma munthu akati lembani kuti ine ndakana, amafuna kuti tsiku lina zikadzafunsidwa adzapezeke kumene anaima. Mukamubisa mwamulanda chimenecho.

Nachisale: Ndiye amufunse mwini wakeyo ngati akufuna dzina kapena ayi. Mawu onenedwa mkangano uli m'kati si onse amene munthu amafuna kuwaona atatayipidwa.

Dokotala Mbewe: Ine funso langa silinayankhidwe. Pepala la mzere 70 linawerengedwa kawiri kapena ayi? Ngati ayi, nthawi ilipo mpaka Lolemba.

Nasibeko: Silinawerengedwe kawiri, adokotala, silinali m'gulu la amene oyesa akunja anatenga. Ndayang'ana pa olephera onse, pa 48 ndi 49 pali atatu, kuphatikizapo iyeyo. Ahedi avomera kuitana msonkhano waufupi Lachisanu 2 koloko. Pa ajenda ndaika mzere 17, tsiku la tesiti ya mtsikana uja, ndi fomula ya makosi ena, chifukwa achimwene Yamikani ananena zoona, ndaipeza kale m'mafayilo anayi. Za kuwerenganso mapepala atatuwo ahedi akukayika, akuti malamulo athu amangotchula kuwerenganso wophunzira akachita apilo, ndipo sakufuna kuyambitsa chinthu pa kosi imodzi chimene makosi ena sanachite.

Yamikani: Mafayilo anayiwo musawakonze nokha asisi. Aliyense akonze yake, asindikize pepala latsopano, lakale lisatayidwe. Pa dzina la fayilo aike tsiku.

A Gondwe: Ahedi anuwo ali ndi mfundo. Ngati muwerenganso, muwerenge a 48 ndi 49 a makosi onse 14, ndipo msonkhano ugwirizane zimenezo poyamba, mapepala asanatsegulidwe. Ngati nthawi siilola, zisiyeni, ndipo atatuwo adziwe za ufulu wawo wa apilo zotsatira zikatuluka. Lachisanu muyambe ndi kulemba amene abwera, amene apepesa, ndi kuti chiwerengero chakwana. Mufunsenso ngati pali amene ali ndi m'bale wake pa ophunzira amene mukambe. Akapezeka atuluke, ndipo mulembe nthawi imene watuluka ndi imene walowanso.

Dokotala Mbewe: Makosi 14, a pa 48 ndi 49 sangapose mapepala amene anthu asanu angawerenge tsiku limodzi. Ine ndikanawerenga. Mukawauze ahedi anu kuti nkhaniyi ailowetse pa ajenda, akane ndi msonkhano, osati iwo okha.

Nasibeko: Ndiwauza mawa m'mawa. Maminitsi a Lachiwiri ndawalembanso ndi 67, ndawatumiza kwa mamembala onse kuti aone ngati ndi zimene akukumbuka. Awiri ayankha kale kuti zili bwino. Amene anakana za mzere 70 uja sanayankhe ngati akufuna dzina lake lilembedwe.